Maso sangayeze uchi

Kuyambira mu March 2023, pamene bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wa uchi wochokera kunja, nkhani ya uchi wachinyengo sinazizirepo. Mwa zitsanzo 320 zomwe anayeza, 147 zinakayikiridwa kuti zinasakanizidwa ndi manyuchi a shuga, zomwe ndi pafupifupi theka. Ogula anachita mantha, ndipo munthu wamantha amagwira chilichonse chomwe chili pafupi. N'chifukwa chake malangizo omwe afala kwambiri ndi akuti tiziyang'ana mtundu wa uchi. Ena akuti uchi weniweni ndi wakuda, woyerawo ndi madzi a shuga. Ena akuti ayi, uchi wabwino ndi woyera mbee, wakudawo ndi wotenthedwa kapena wauve. Ine ndikuti mbali zonse ziwirizi zikulakwa pamalo amodzi. Kuda kapena kuyera kwa uchi kumatiuza zambiri za maluwa omwe njuchi zinapitako, ndiponso pang'ono za mmene uchiwo wasungidwira, koma sikutiuza ngati uchi ndi weniweni, ngati unakhwima, kapena ngati ungasungike. Zinthu zitatuzi ndi zomwe wogula amalipirira, ndipo zonse sizioneka ndi maso.

Tiyambe ndi komwe mtundu wa uchi umachokera, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. Njuchi zimatenga timadzi totsekemera ta m'maluwa, timene mbali yaikulu timakhala madzi, n'kutisandutsa uchi pothira malovu awo ndi kuumitsa madziwo ndi mapiko mpaka atatsala ochepera 20 peresenti. Shuga wa mu uchi, gulukozi ndi fulakitozi, payekha alibe mtundu. Chomwe chimapaka uchi utoto ndi tinthu tochepa kwambiri tomwe timabwera limodzi ndi timadzito: michere ya m'nthaka monga potaziyamu ndi ayironi, utoto wa chomeracho, ndi mungu. Chomera chilichonse chili ndi mlingo wakewake wa tinthu timeneti. N'chifukwa chake uchi wa maluwa a chomera chotchedwa kolova ndi wa mtengo wa akeshiya wa ku Ulaya umakhala woyera mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi madzi, wa mpendadzuwa umakhala wachikasu chowala, pamene wa mtengo wa manuka wa ku New Zealand ndi wofiirira kwambiri. Onsewa ndi uchi weniweni. Mng'oma umodzi womwewo ukhoza kupereka uchi woyera nyengo ino ndi wakuda nyengo inayo, njuchi zake zomwezo, mwini wake yemweyo, chabe chifukwa maluwa asintha.

Amalonda akuluakulu a uchi amayeza mtundu, inde, ndipo ali ndi sikelo yake yotchedwa Pfund, yomwe amawerenga m'mamilimita. Uchi wosapitirira 8 ndi woyera ngati madzi, wapakati pa 51 ndi 85 ndi wofiirira pang'ono, ndipo wopitirira 114 ndi wakuda. Koma sikeloyi ndi yosiyanitsira uchi m'magulu kuti wogula adziwe chomwe akuitanitsa, si yoika uchi pa nambala wani kapena nambala yomaliza. Ngakhale malamulo a boma la America oika uchi m'magiredi amanena poyera kuti mtundu sunawerengedwe ngati chizindikiro cha ubwino wa uchi. Muyezo wa uchi wa padziko lonse wa Codex Alimentarius, womwe unakhazikitsidwa mu 1981 n'kukonzedwanso mu 2001, umangonena kuti uchi ukhoza kukhala wopanda mtundu mpaka wofiirira moderapo. Pomwe muyezowu waika malire okhwima ndi pa madzi, pa shuga wa mtundu wa m'nzimbe yemwe sayenera kupitirira magalamu 5 pa 100 aliwonse mu uchi wambiri, ndi pa zizindikiro za kutenthedwa.

Gulu loyamba la otsutsa ndi la okonda uchi wakuda, ndipo ndiyenera kunena mosabisa kuti mfundo yawo ili ndi mutu. Iwo amati uchi wakuda uli ndi michere yambiri komanso fungo lamphamvu, choncho ndi wabwino kuposa woyera. Zoona, pa uchi weniweni wosatenthedwa, wakuda nthawi zambiri umakhala ndi michere yochulukirapo. Koma pali zinthu ziwiri zomwe mfundoyi ikudumpha. Choyamba, michereyo ndi yochepa kwambiri: ngakhale mu uchi wakuda sifika gawo limodzi pa magawo 100 nthawi zambiri, ndiye munthu wodya supuni imodzi kapena ziwiri patsiku sangadalire uchi pa ayironi wa m'thupi mwake. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, pali njira zambiri zodetsera uchi zomwe sizikhudzana ndi maluwa. Uchi ukatenthedwa pamoto umada, chifukwa shuga amagwirizana ndi timapuloteni ta mu uchi n'kupanga utoto wofiirira, monga momwe chakudya chilichonse chotsekemera chimafiirira chikapsa. Uchi ukakhalitsa pamalo otentha umadanso pang'onopang'ono popanda moto. Ukafinyidwa kuchokera m'zisa zakale zomwe njuchi zinaleramo ana kambirimbiri, umatengako kuda kwa zisazo. Ukasungidwa m'chidebe chachitsulo cha dzimbiri, asidi wa mu uchi amadya chitsulocho ndipo uchi umada. Kuwonjezera apo, wachinyengo akhoza kuwiritsa shuga mpaka kufiira n'kuthira mu manyuchi ake. Tsono mukaona botolo la uchi wakuda, pali nkhani zisanu ndi imodzi zomwe zingakhale kuseri kwake, ndipo imodzi yokha ndi yomwe okonda uchi wakuda amaganizira.

Apa wina angafunse kuti kodi kutenthedwako kuli ndi vuto lanji ngati uchi ukutsekemerabe. Vuto lilipo, ndipo limayezeka. Uchi ukamatenthedwa kapena kukhalitsa, fulakitozi amasweka n'kupanga chinthu chotchedwa HMF, chomwe mu uchi wongofulidwa kumene chimakhala chochepetsetsa. Muyezo wa Codex umalola mamiligalamu osapitirira 40 pa kilogalamu, kapena 80 ngati uchiwo ndi wochokera kumadera otentha. Nthawi yomweyo mphamvu ya malovu a njuchi yomwe imatsalira mu uchi imatsika, ndipo kafungo ka maluwa kamathawa. Uchi wofiirira mwachibadwa ukhoza kukhala ndi HMF wochepa kwambiri, pamene uchi woyera womwe watenthedwa mpaka kufanana nawo mtundu ukhoza kudutsa malire. Mukawaika pambali pa unzake, maso anena kuti ndi mapasa.

Gulu lachiwiri ndi la okonda uchi woyera. Iwo amati uchi woonekera mkati ngati galasi ndi waukhondo, wosefedwa bwino, wofulidwa mosamala, ndipo amaonjeza kuti m'misika yambiri ya padziko uchi woyera umagulidwa pamtengo wokwererapo. Izinso sizabodza. Mlimi wa njuchi wogwiritsa zisa zatsopano, wosapopera utsi wambiri, wosaika uchi pamoto, amapezadi uchi wowala. Ndipo ogula ambiri amakonda kukoma kofatsa kwa uchi woyera, makamaka opanga zakudya omwe safuna kuti fungo la uchi liphimbe zina. Komabe mtengo wokwerawo ukutiuza zomwe anthu amakonda, osati zomwe zili m'botolo. Kuyera ndi chinthu chosavuta kupanga kuposa chilichonse. Manyuchi opangidwa kuchokera ku mpunga, tirigu kapena chimanga amakhala oyera ndi oonekera mkati, ndipo ndi amenewa omwe achinyengo amasakaniza ndi uchi. Uchi wosefedwa mopyola muyezo, mpaka mungu wonse kuchoka, umawalanso kwambiri, koma munguwo ndi womwe akatswiri amaona pa makina okuza zinthu kuti adziwe maluwa ndi dziko lomwe uchi wachokera. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngakhale m'labotale momwe nkhaniyi ndi yovuta: njira yakale yoyeza kaboni wa mu uchi imagwira shuga wa nzimbe ndi wa chimanga, koma manyuchi a mpunga amaizemba, chifukwa kaboni wa mpunga amafanana ndi wa maluwa omwe njuchi zimakonda. Ngati makina a mtengo wapatali akuvutika chonchi, diso la munthu woimirira pa shelefu lingapose bwanji?

Koma chinthu chomwe chimandipweteka mtima kwambiri si chinyengo ayi, ndi madzi, chifukwa apa ndi pomwe anthu oona mtima amapwetekana okhaokha. Ndinaphunzira izi ndi uchi wanga womwe. Chaka china ndinafula ming'oma yanga kawiri. Ulendo woyamba ndinatenga zisa zomwe njuchi zinali zitamata kale ndi phula pafupifupi ponseponse, ndipo uchi wake unatuluka woderapo, wolemera, makilogalamu 20. Ulendo wachiwiri, patapita masabata angapo, maluwa ena anali atachita bwino ndipo zisa zinali zatsopano, zoyera, zodzaza. Ndinachita phuma. Theka la timaenje ta m'zisamo tinali tisanamatidwe, ndipo nditatembenuza chisa chimodzi n'kuchigwedeza, timadontho tinagwera pa nsapato yanga. Chimenecho chinali chenjezo lokwanira, koma uchiwo unali wokongola, wachikasu chowala ngati kuwala kwa m'mawa, ndipo ndinadziuza kuti palibe vuto. Nawonso unakwana makilogalamu 20. Aliyense wobwera kudzaona amaloza chidebe chachiwiricho.

Mnzanga wina wodziwa ntchitoyi anabwera ndi kachipangizo kotchedwa rifulakitomita, kooneka ngati tochi yaing'ono yokhala ndi galasi lopendekeka kumapeto. Umadontheza uchi pang'ono pagalasipo, n'kutseka kachivindikiro kuti uchi uyale bwinobwino popanda timpweya, n'kudikira kanthawi, kenako n'kusuzumira moyang'ana kowala. Mkati mumaoneka mzere wogawa mbali yabuluu ndi yoyera, ndipo pomwe mzerewo wadula manambala ndi pomwe pali kuchuluka kwa madzi. Uchi wakuda uja unaonetsa 17.5. Wokongola uja unaonetsa 22. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, uwu musaugulitse, sufika miyezi iwiri." Tiwerenge bwino kusiyanaku. Mu makilogalamu 20 a uchi wa 17.5 peresenti muli madzi olemera makilogalamu 3.5, pamene mwa unzakewo muli 4.4. Ndiye kuti chidebe chokongolacho chinali ndi madzi owonjezera pafupifupi lita yathunthu, ndipo palibe aliyense wa ife amene anaiona litayo ndi maso. Muyezo wa Codex umaika malire pa 20 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti mu uchi uliwonse muli yisiti wachilengedwe, yemwe amagona tulo madzi akakhala ochepera 17, koma amayamba kudzuka akamapitirira 18 kapena 19, makamaka kukamatentha. Patapita milungu isanu ndi umodzi, chivindikiro cha chidebe chija chinatukumuka. Nditatsegula panatuluka kampweya, pamwamba pali thovu loyera, fungo lili lowawasa ngati la chinthu chosasa. Mtundu wake unali usanasinthe n'komwe. Uchi wakuda uja unakhala chaka chonse uli bwinobwino.

Ndanena nkhaniyi motalika chifukwa ikhoza kumveka molakwika. Sikuti uchi wakuda unapambana chifukwa ndi wakuda. Zikanatheka kuti wakudawo ndi womwe ndinafula usanakhwime, ndipo ukanasasa chimodzimodzi. Chomwe chinasiyanitsa zidebe ziwirizo chinali phula lomata timaenje, ndipo alimi ambiri a njuchi amadikira mpaka magawo atatu mwa anayi a chisa atamatidwa asanafule.

Gulu lachitatu la otsutsa ndi lomwe ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa funso lawo ndi lachilungamo. Iwo amati: wogula wamba alibe labotale, alibe rifulakitomita, botolo ndi lomata, ndiye mukamulanda maso mwamusiyira chiyani? Yankho langa n'lakuti sindikumulanda maso, ndikumupempha kuti awaloze pamalo oyenera. Thovu lomwe limabwereranso ukalichotsa, chivindikiro chotukumuka, timpweya tokwera kuchokera pansi pa botolo lomwe lakhala duu, izi ndi zizindikiro za uchi wosasa, ndipo zimaoneka pa uchi wa mtundu uliwonse. Tizidutswa ta mapiko, phulusa kapena fumbi tikuonetsa kusasefa bwino. Uchi womwe wagawikana, pansi pouma pamwamba pamadzimadzi, uyenera kununkhizidwa, chifukwa gulukozi akaundana amasiya madzi ake m'gawo lapamwambalo ndipo kusasa kumayambira pamenepo. Ukatembenuza botolo, liwiro lomwe mpweya umakwerera limakupatsa chithunzi cha kulemera kwa uchi, ngakhale kuti uchi umapepuka kukatentha ndipo manyuchi nawonso akhoza kukhala olemera. Kuposa zonsezi pali mphuno, lilime ndi mafunso. Uchi wopserera umamveka kakuwawa ka shuga wopsa kukhosi. Wogulitsa wodziwa uchi wake amatha kunena nyengo yomwe unafulidwa, maluwa omwe anali pafupi, ndiponso ngati unaikidwapo pamoto. Zina zomwe zimanenedwa, monga kuviika machesi mu uchi kapena kudontheza uchi m'kapu ya madzi, zimangoonetsa kulemera kwa madzimadziwo basi, ndipo manyuchi olemera amakhoza mayeso amenewa mosavuta.

Ndiyenera kuwonjeza kuti diso limanamizika ngakhale pa mtundu weniweniwo. Tengani uchi umodzi, wina muthire m'botolo lonenepa, wina mupake pa mbale yoyera. Wa m'botolo uoneka wofiirira, wa pambale uoneka wachikasu chotuwa, chifukwa kuwala kukadutsa mu uchi wochuluka kumachepa. Uchi womwewo ukaundana umayera kwambiri, popeza timibulu ta gulukozi timabweza kuwala, ndipo anthu ambiri amataya uchi wabwino poganiza kuti wasanduka shuga wothiridwa. Kuundana ndi khalidwe lachibadwa la uchi wa gulukozi wambiri, monga wa mpendadzuwa, ndipo kuika botolo m'madzi ofunda a madigiri pafupifupi 40 kumaubwezera mwakale. Akatswiri olawa mafuta a maolivi anazindikira kalekale kufooka kwa maso kumeneku, moti amalawira m'matambula agalasi lamtundu wakuda, kawirikawiri labuluu, dala kuti asaone ngati mafutawo ndi obiriwira kapena achikasu, poopa kuti diso lingauze lilime zoti limve.

Pali nkhani ina yomwe sindingaidumphe, ya chitetezo cha thupi. Uchi wina wa m'mapiri a ku Turkey kufupi ndi Nyanja Yakuda, ndi wa ku Nepal, umachokera ku maluwa okhala ndi poizoni yemwe amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kuchititsa chizungulire. Umakonda kukhala wofiira, koma uchi wofiira wosavulaza ndi wambiri, ndiye kufiirako sikungakhale chenjezo lodalirika. Mankhwala ophera tizilombo ndi otsalira a mankhwala ochizira njuchi alibe mtundu womwe ungaoneke. Ndipo uchi wa mtundu uliwonse, woyera kaya wakuda, wodula kaya wotchipa, suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana miyezi 12, chifukwa ukhoza kukhala ndi timbewu ta bakiteriya yemwe amatha kumera m'matumbo a khanda n'kulifoola.

Tsono mtundu uli ndi ntchito yanji? Uli nayo, koma ndi ntchito yofananiza, osati yoweruza. Umagwira ntchito pamene pali chinthu chodziwika chomwe ukuyerekezera nacho. Ngati chizindikiro cha pabotolo chikuti uchi ndi wa kolova koma uchiwo ndi wakuda bii, pali bodza penapake kapena uchiwo watenthedwa, ndipo apo diso lagwira ntchito yake. Ngati mtundu uli wachilendo kotheratu, ndi chizindikiro choti njuchi zadya zachilendo. Mu 2012 alimi a njuchi a ku Ribeauvillé m'dziko la France anapeza uchi wabuluu ndi wobiriwira m'ming'oma yawo, ndipo atafufuza anapeza kuti njuchi zimakanyambita zotsalira za maswiti amitundumitundu pamalo ena osinthira zinyalala. Uchi umenewo sunagulitsidwe. Apa mtundu unaulula zoona chifukwa unatuluka kunja kwa zomwe maluwa a kuderalo angapange.

Kufananiza kothandiza kwambiri ndi kwa uchi ndi uchi womwewo. Kuchokera chaka cha chidebe chosasa chija, pa uchi uliwonse womwe ndafula ndimapatula kabotolo kakang'ono, n'kulembapo tsiku ndi nambala ya madzi, n'kukasunga pozizira ndi pamdima. Pakapita miyezi inayi kapena isanu ndimatenga uchi wa m'chidebe chachikulu, kuuthira m'kabotolo kofanana ndi koyambako, n'kuimika tiwiri tonseto kutsogolo kwa pepala loyera pa kuwala kwa masana. Akafanana, ndimadziwa kuti mosungiramo muli bwino. Wa m'chidebe ukaderapo, ndiye kuti chipindacho chikutentha kwambiri ndipo HMF akukwera, choncho ndimasuntha zidebe ndi kuyamba kugulitsa uchi umenewo usanafike ku malire.